Supuni iliyonse ikhale ndi kanthu: kugula zakudya zofewa za agogo amene sakudya bwino

Tikamapita kukazonda munthu wokalamba amene wafooka, jumbo yathu nthawi zambiri imakhala ndi zinthu zomwezomwezo: botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi, masikono, paketi ya shuga ndi masamba a tiyi. Timagula zimenezi chifukwa ndi zofewa, agogo sazikana, komanso zimaoneka zaulemu. Vuto lake ndi lakuti zimadzaza mimba koma sizimanga thupi. Agogo amatha kumamwa tiyi ndi phala lamadzimadzi tsiku ndi tsiku, apabanja nʼkumati akudya, chikhalirecho thupi likutha.

Phunziro lathu lagona pa mfundo imodzi. Munthu wokalamba amene akudya pangʼono sitingamukakamize kuti amalize mbale yodzadza. Chimene tingathe nʼkuonetsetsa kuti masupuni ochepa amene akulowawo ali ndi chakudya chenicheni. Ntchito imeneyi imayambira pamsika ndi mu golosale, pa zimene tasankha kugula.

Musanagule, dziwani chimene chikuvuta

Kulephera kutafuna ndi kulephera kumeza ndi mavuto awiri osiyana, ndipo zogula zake nʼzosiyananso. Choncho khalani nawo pansi agogo pa nthawi ya chakudya, muwaonetsetse.

Amene akuvutika kutafuna amazunguza chakudya mʼkamwa nthawi yaitali, amalavula nyama ndi mapesi a ndiwo zamasamba, ndipo amangonyambita msuzi nʼkusiya ndiwo. Koma madzi ndi phala amameza bwinobwino. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala mano otha kapena ogwedera, zilonda za mʼkamwa, kuchepa kwa malovu, kapena mano oikirira amene ayamba kukhwepa chifukwa munthuyo waonda. Wotereyu mungamuthandize kwambiri pakhomo pomwepo ndi zakudya zofewa.

Amene akuvutika kumeza amatsokomola kapena kutsamwa akamamwa madzi kapena tiyi. Mawu awo amamveka ngati muli madzi kukhosi akangomeza, chakudya chimatsalira mʼtsaya, mwina chimatulukira mʼmphuno, ndipo amadwala chibayo pafupipafupi. Izi zimachitika kwambiri kwa amene anadwalapo sitiroko ndi amene ayamba kuiwalaiwala. Kwa anthu amenewa, zakumwa zamadzimadzi ndiye zoopsa kuposa phala lolimbirako, chifukwa zimathamanga nʼkulowa mʼnjira ya mpweya. Apite nawo kuchipatala kuti akawaone asanasinthe kadyedwe.

Pali zizindikiro zinanso zosafunika kudikira nazo. Ngati agogo akunena kuti nsima ikuima pachifuwa, ndipo pakapita masabata phala nalonso layamba kuima, thamangani nawo kuchipatala, chifukwa khansa ya kummero imayamba motero ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene matendawa ndi ochuluka. Chimodzimodzi ngati mʼkamwa muli zoyerayera zokhala ngati mkaka wogona, ngati akutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposerapo uku akutuluka thukuta usiku, kapena ngati apita masiku asanu osadya chilichonse chooneka. Chakudya chabwino sichilowa mʼmalo mwa chithandizo cha matenda amenewa.

Kufewa kwake nʼkotani?

Mawu akuti chofewa amatipusitsa. Buledi ndi wofewa mʼmanja, koma mʼkamwa mouma amasanduka chibuma chomata kumwamba kwa kamwa. Mpunga ndi wofewa, koma umamwazika mʼkamwa ndipo munthu wopanda mano amavutika kuusonkhanitsa kuti ameze. Mandasi, zitumbuwa ndi chigumu zimafuna mano ndi malovu ambiri. Nyama yowiritsa imatha kuoneka yapsa koma ili ndi mitsitsi imene usinini sungadule.

Njira yodziwira ndi yapafupi. Ikani kachidutswa ka chakudyacho pa mbale, mukakanikize ndi foloko kapena kumbuyo kwa supuni mpaka chikhadabo cha chala chanu chachikulu chiyere. Ngati chaphwanyika nʼkukhala chomwecho osabwerera, ndiye kuti usinini ndi lilime zingachiphwanyenso. Ngati chaterereka, chabwerera ngati siponji, kapena chakana, musawapatse agogo chisanasinjidwe. Zidutswa zisakule kuposa chikhadabo cha chala chachikulu. Kwa amene alibiretu mano, chakudya chinyenyedwe mpaka tizidutswa take tizitha kudutsa pakati pa mano a foloko.

Chakudya chikhalenso chonyowa ndi chogwirana. Mukachitapa ndi supuni chikhale pa supunipo, ndipo mukaipendeketsa chigwe chonse pamodzi osamatirira. Mukakhala pamsika, funso la mumtima likhale lakuti: kodi chinthu ichi ndikachiphika chidzaphwanyika ndi supuni?

Zinthu zisanu zoyambira kugula

Tonse timadziwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa. Okalamba amene sakudya bwino nthawi zambiri gulu la zokhutitsa amalipeza ndithu, chifukwa phala ndi nsima sizisowa. Zimene zimasowa ndi zomanga thupi ndi mafuta. Nʼchifukwa chake ndalama yoyamba iyenera kupita ku zinthu zisanu izi, zimene zimalowa mʼchakudya popanda kuchulukitsa mbale.

Choyamba ndi mtedza. Pa zinthu zonse zotsika mtengo, mtedza ndi umene uli ndi mphamvu komanso zomanga thupi pamodzi. Gulani mtedza wathunthu, osati nsinjiro zosinjasinja za mʼtimapepala, chifukwa simungadziwe mtedza umene anasinjawo. Sankhani ndi manja, mutaye wonse wofwifwa, wonyala, wobooka, wakuda kapena wonunkha chuku. Poizoni wa chuku amaononga chiwindi ndipo satha ngakhale mukazinge kapena kuwiritsa. Sinjani pangʼonopangʼono zokwanira masiku atatu kapena anayi, ndipo musefe bwino kuti musatsale timibulu totsamwitsa. Chiponde cha mʼbotolo nachonso nʼchabwino, koma musawapatse pa supuni kapena chopaka pa buledi, chifukwa chimamata kukhosi. Chisungunuleni mʼphala lotentha.

Chachiwiri ndi mazira. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a mapuloteni, kutanthauza zomanga thupi zija, ndipo limalowa ndi masupuni atatu okha. Gulani osasweka ndi opanda zitosi. Ngati mukukayika, liikeni mʼkapu ya madzi: labwino limamira, lokhalitsa limayandama ndipo nʼlofunika kutaya. Dzira lowiritsa kwambiri limauma ndipo limatsamwitsa, choncho ndi bwino kulipota nʼkuliphika pa moto wochepa ndi timafuta ndi timadzi kapena timkaka, kapena kulithira mʼphala likuwira nʼkutakasa kwa mphindi zitatu kuti lipse. Dzira laliwisi si la wokalamba, chifukwa kutsegula mʼmimba kumene mwana wanu wamkulu angapirire kungawagwetse agogo tsiku limodzi.

Chachitatu ndi mafuta ophikira. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ili ndi mphamvu yoposa ya kapu yonse ya phala lamadzimadzi, koma sitenga malo mʼmimba. Mafuta amathandizanso chakudya kutsetsereka mʼkamwa mouma. Gulani a mʼbotolo lomata bwino, chifukwa a mʼmafakitale ovomerezeka amathiramo vitamini A, pamene oyeza mʼtimachubu pamsika simudziwa kumene achokera ndiponso akhala padzuwa nthawi yaitali bwanji. Thirani supuni yaingʼono imodzi mʼmbale ya agogo chakudya chitapsa kale. Majarini naye amagwira ntchito yomweyo.

Chachinayi ndi nsomba zingʼonozingʼono zouma, monga bonya, usipa, matemba kapena kapenta. Momwe zililimo nʼzolimba ndipo zimabaya usinini, koma zikasanduka ufa ndi chakudya chapamwamba, chifukwa munthu amadya ndi mafupa omwe, ndipo mafupawo amalimbitsa ake. Sankhani zouma bwino, zosanunkha chivundi, zopanda mchenga wambiri. Zipeteni, zikazingeni pangʼono popanda mafuta, zisinjeni nʼkusefa, kenako musunge ufawo mʼbotolo louma lotseka. Supuni yaikulu imodzi mu msuzi wa tomato kapena mʼndiwo zotendera imawonjezera zomanga thupi zoposa theka la dzira.

Chachisanu ndi mkaka, ndipo apa ndi pamene ambiri amaluzira ndalama. Si ufa uliwonse woyera wothira mu tiyi umene uli mkaka. Pali wina wongoyeretsa tiyi, wopangidwa ndi mafuta a zomera ndi zotsekemera, ndipo zomanga thupi mulibe kwenikweni. Tembenuzani paketi, muone pamene alemba kuchuluka kwa mapuloteni pa magalamu 100. Mkaka weniweni waufa wosachotsedwa mafuta umakhala ndi magalamu 24 kapena kuposerapo pangʼono, pamene woyeretsa tiyi uja kawirikawiri safika ndi 5 omwe. Ngati zilembo zikuvuta kuwerenga, pemphani wogulitsa kapena mdzukulu akuonereni. Mkaka waufa uli ndi ubwino woti sufuna firiji ndipo mutha kuuthira mʼphala popanda kulisungunula. Mkaka wa ngʼombe wogula kwa alimi uwiritseni kaye. Wa mʼpaketi gulani timapaketi tingʼonotingʼono toti tithe tsiku lomwelo. Ngati mkaka ukuwatupitsa mimba kapena kuwatsegula, yesani chambiko kapena yogati, chifukwa mkaka wowawasa ambiri umawayanja.

Zoti zinthu zisanuzi zikwerepo

Zinthu zisanuzi zimafuna chakudya china choti zilowemo. Pa phala, mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, chifukwa pokonola ndi poviika chimanga timataya gaga ndi mtima wa njere, mmene muli mafuta ndi mavitamini. Mgaiwa umathandizanso kudzimbidwa, kumene nakonso kumapha njala. Useferenitu kuti phala likhale losalala. Likuni Phala, amene ndi chimanga magawo anayi ndi soya gawo limodzi, si wa ana okha. Mutha kugula wopangapanga kapena kukagayitsa nokha, bola soyayo akazingidwe kaye, chifukwa wosakazinga amavuta kugayika mʼmimba.

Mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere ndi Zondeni, komanso maungu, zimapota bwino ndipo zili ndi vitamini A. Mukazitendera ndi nsinjiro mwapeza futali, chakudya chimene agogo ambiri anakula nacho ndipo sachikana. Mbatatesi ndi nthochi zophika nazonso zimapota. Nyemba, nandolo ndi khobwe zimawavuta okalamba chifukwa cha makoko, choncho ziviikeni usiku, muchotse makoko, muphike chipere. Nyama ya soya ya mʼpaketi imabwerera ngati siponji ikaphikidwa yathunthu, ndiye isinjeni ikadali youma musanaiphike, ndipo kapepala ka zokometsera kamene kamakhala mkatimo musathire konse, muli mchere wambiri.

Pa ndiwo zamasamba sankhani nsonga zanthete za mkhwani, bonongwe, chisoso kapena kholowa. Sadzulani bwino, dulani mopyapyala, phikani mpaka zifewe, mutendere, ndipo ngati nʼkofunika muzipote. Kabichi ndi repu wokhwima zili ndi mitsitsi yovuta. Therere limatsetsereka bwino ndipo agogo ambiri amalikonda, koma soda achepe chifukwa amapha mavitamini ena.

Pa zipatso, mfumu yake ndi peyala, chifukwa ndi lofewa mwachibadwa ndipo lili ndi mafuta ambiri. Gulani atatu kapena anayi osapsa mofanana kuti azipsa motsatizana. Nthochi yakupsa bwino, papaya ndi mango opanda ulusi zimangofuna kukanya ndi foloko. Magwafa amafuna kusefa chifukwa cha njere, ndipo malalanje ndi manachesi afinyeni, musawapatse ndi zikhungu zake.

Ndalama ikapezeka, gulani chiwindi cha nkhuku kapena cha mbuzi kamodzi pa sabata. Chimafewa msanga, chimapota, ndipo chimathandiza magazi. Nyama yogaya yophika mu msuzi wambiri ndi yabwinonso. Pa nsomba zazikulu, mlamba ndi kampango zili ndi mnofu wambiri ndipo minga yake siivuta kuchotsa. Nsomba iliyonse muziyamba mwaifufuza ndi zala zanu zosamba musanaipereke.

Zimene zimadya ndalama pachabe

Zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi majuwisi a mʼbotolo ndi madzi ndi shuga basi. Botolo limodzi likalowa nthawi ya 11 koloko, nsima ya masana sidzalowanso. Mahewu ogula ndi thobwa zili ndi mphamvu pangʼono ndipo zimathandiza ludzu, koma zomanga thupi nʼzochepa, choncho zibwere chakudya chitatha, zisalowe mʼmalo mwake. Mabisiketi ndi masikono oviika mu tiyi amakhutitsa msanga, ndipo kwa munthu wovutika kumeza ndi oopsa chifukwa madzi amatsogola kukhosi chotafunacho chikadali mʼkamwa. Supu wa mʼpaketi ndi timakyubu tokometsera ndiwo ndi mchere wokhawokha.

Msuzi wa nyama nawo umatinamiza. Timaganiza kuti mphamvu yonse ya nkhuku yapita mu msuzi, koma zomanga thupi zambiri zimatsala mu mnofu. Ngati mwapha nkhuku, tengani mnofu wofewa, muusinje mu mtondo woyera, muubwezere mu msuzimo.

Chenjeraninso ndi mankhwala amadzi amene amagulitsidwa kuti amabweretsa chilakolako cha chakudya. Ambiri mwa iwo amagonetsa ndi kuchititsa chizungulire, amaumitsa mʼkamwa, ndipo kwa agogo aamuna amatha kutseka mkodzo. Wokalamba wa chizungulire akagwa nʼkuthyoka chiuno, vuto limakula kuposa lija munkathetsa. Komanso chiponde cha kuchipatala ndi mankhwala a anthu onyentchera, operekedwa munthu atayezedwa. Chikapezeka pamsika ndiye kuti chalandidwa kwa wodwala wina. Ngati mukuona kuti agogo akufunika chimenechi, apite akayezedwe.

Chitsanzo: agogo a makilogalamu 45

Tiyerekeze kuti mukusamala apongozi anu aakazi a zaka 78. Atsala ndi mano anayi akutsogolo, amameza bwino, alibe matenda a shuga kapena a impso, ndipo pa sikelo akulemera makilogalamu 45. Munthu wokalamba amafuna pafupifupi makalori 30 ndi galamu imodzi kapena kuposerapo pangʼono ya mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Makalori ndi muyeso wa mphamvu ya mʼchakudya. Ndiye kuti amayi amenewa akufunika makalori pafupifupi 1,350 ndi mapuloteni magalamu 45 mpaka 55 pa tsiku.

Pakali pano mʼmawa amamwa tiyi wopanda mkaka ndi kapu ya phala la ufa woyera. Masana amadya theka la mtanda wa nsima akungosunsa mu msuzi. Chakumadzulo amamwa botolo la chakumwa chimene mwana wawo amawabweretsera kuchokera mʼtauni, ndipo usiku amamwanso kapu ya phala. Mukaphatikiza zonsezi, mphamvu sikufika theka la imene akufunika, ndipo zomanga thupi ndi magalamu 10 okha mwinanso osakwana. Nʼchifukwa chake akulephera kudzuka pa mphasa popanda wowagwira, ngakhale kuti palibe chakudya chimene akudumpha.

Tiyambe ndi kapu ya phala ija. Kapu ya phala lamadzimadzi la ufa woyera ili ndi makalori pafupifupi 100 ndi mapuloteni magalamu 2. Tsopano phikani kapu yomweyo ndi masupuni aakulu atatu a mgaiwa ndi awiri a nsinjiro. Likapsa, thiranimo masupuni aakulu awiri a mkaka waufa, supuni yaingʼono ya mafuta ndi yaingʼono ya shuga. Kapu sinakule, koma tsopano ili ndi makalori pafupifupi 340 ndi mapuloteni magalamu 11. Ngakhale amayi atamwa theka lokha, apindula kuposa mmene ankapindulira akamaliza kapu yonse ya poyamba ija.

Tsiku lonse likhoza kuyenda chonchi. Mʼmawa, nthawi imene okalamba ambiri amakhala ndi kanjala, amwe phala limeneli, ndipo tiyi abwere pambuyo. Cha mʼma 10 koloko adye theka la peyala lokanya pamodzi ndi theka la nthochi. Masana adye theka la mtanda wa nsima yofewa, theka la kapu ya chipere chothira supuni yaingʼono ya mafuta, ndi masupuni awiri a mkhwani wotendera wothira supuni ya ufa wa bonya. Cha mʼma 4 koloko amwe theka la kapu ya chambiko ndi kachidutswa ka papaya. Madzulo adye theka la kapu ya futali wa mbatata ndi dzira limodzi lopota. Asanagone amwe tiyi wopepuka wothira masupuni awiri a mkaka waufa. Palibe mbale yoposa kapu imodzi, koma tsikuli lafika pa makalori pafupifupi 1,300 ndi mapuloteni oposa magalamu 45.

Zogula zake nʼzochepa kuposa mmene tingaganizire. Pa sabata imodzi pakufunika mazira 7, mapeyala anayi, nthochi zochepa, papaya mmodzi, mulu wa mbatata, kamulu ka bonya ndi kapu imodzi ndi theka ya nyemba zouma. Theka la kilogalamu ya mtedza ndi paketi ya magalamu 400 ya mkaka waufa zimafika pafupifupi masabata awiri, ndipo kabotolo ka mafuta ka mamililita 250 kamakwana masabata awiri. Chambiko gulani kapaketi kakangʼono pa tsiku limene akamwe, ndipo chotsala amwe ena ngati mulibe firiji.

Ndalama ikachepa, yambani ndi mtedza ndi mafuta, kenako bonya ndi nyemba, kenako mazira. Mkaka ukakanika, thirani mʼphala ufa wa soya wokazinga pophika. Ndipo mwana wa mʼtauni uja muuzeni mwaulemu kuti ndalama ya zakumwa ija azigulira mazira kapena mkaka waufa. Achibale ambiri amagula zosathandiza chifukwa palibe amene anawauzapo chogula.

Musasinthe zonse tsiku limodzi. Mimba imene yazolowera phala lamadzimadzi ikalandira mafuta, nsinjiro ndi mkaka nthawi imodzi imatha kutsegula, ndipo agogo adzakana zonse. Yambani ndi nsinjiro kwa masiku awiri, kenako mafuta, kenako mkaka. Mukatero, chikawavuta mudzadziwa kuti ndi chiti. Afunseninso chimene mtima wawo ukufuna. Ngati akuti akulakalaka therere kapena futali wa maungu, yambirani pomwepo nʼkumawonjezeramo zinazo.

Pamene mndandandawu uyenera kusintha

Ngati agogo ali ndi matenda a shuga, chotsani shuga, uchi, zakumwa zotsekemera ndi mahewu ogula, ndipo mphamvu muipeze ku nsinjiro, peyala, mazira ndi mafuta. Ngati akumwa mankhwala a shuga kapena kubaya jakisoni koma sakudya, shuga amatha kutsika kwambiri, munthu nʼkuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kubwebweta. Auzeni achipatala msanga kuti kadyedwe kasintha, kuti aonenso mlingo wa mankhwalawo.

Ngati ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, mchere uchepe, ndipo nsomba zouma zothira mchere muzizitsuka nʼkuziumitsanso musanasinje. Kuti chakudya chisazizire mʼkamwa, kometsani ndi tomato, anyezi, adyo kapena timadzi ta mandimu. Ngati anauzidwa kuti impso zawo sizikugwira bwino ntchito, musawonjezere mazira, nsomba, mkaka, nthochi ndi mapeyala musanafunse adokotala, chifukwa impso zofooka zimalephera kuchotsa zina zimene zili mʼzakudya zimenezi. Mukamapita kuchipatala tenganinso mankhwala onse amene akumwa, popeza ena amapha njala kapena kuumitsa mʼkamwa.

Mudzadziwa bwanji kuti zikuthandiza?

Yangʼanani zimene zalowa, osati zimene mwaphika. Chakudya chabwino chikabwerera mʼmbale, kapena chikathera mʼkamwa mwa zidzukulu zimene agogo amazigawira mwakachetechete, sichinathandize. Khalani nawo pamene akudya, ndipo ngati nʼkotheka idyani nawo, chifukwa wokalamba wodya yekha amasiya msanga. Akhale tsonga podya, ndipo asagone mpaka patapita theka la ola. Atsuke mʼkamwa asanadye ndi atatha kudya. Madzi azimwa pangʼonopangʼono pakati pa chakudya ndi chinzake, makapu 6 mpaka 8 pa tsiku kuphatikizapo tiyi ndi mkaka, pokhapokha ngati achipatala anawaletsa. Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri ndi chizindikiro chakuti madzi akuchepa. Chakudya chophika chisakhale pa mbale kuposa maola awiri, ndipo chotsala chiwiritsidwenso chisanaperekedwe.

Ayezeni pa sikelo imodzimodzi kamodzi pa masabata awiri, ndipo muzilemba mʼbuku lawo la kuchipatala. Poyamba chimene tikufuna nʼchakuti kuonda kuime. Kunenepa kumabwera mochedwa. Zizindikiro zina zabwino ndi zakuti ayamba kudzuka okha, akucheza, akupita kuchimbudzi bwino, ndipo ayamba kufunsa kuti ndiwo nʼchiyani lero. Koma ngati sikelo yakwera uku mapazi akutupa, kumeneko si kunenepa, ndi madzi, ndipo akufunika kuonedwa. Ngati munthu wa makilogalamu 45 wataya makilogalamu awiri kapena kuposerapo mʼmiyezi itatu, kapena mwayesa zonsezi kwa mwezi wathunthu koma akuondabe, bwererani kuchipatala kuti akafufuze chimene chikudya thupi lawo.

Zokambirana pa gulu

Pa msonkhano wotsatira, bweretsani kapu ziwiri za phala, ina ya ufa woyera wokha, ina yothira nsinjiro, mkaka ndi mafuta monga tafotokozera, kuti aliyense alawe ndi kuona kulimba kwake. Bweretsaninso foloko ndi tizakudya tingapo, monga buledi, peyala, nyama yowiritsa ndi futali, muyese kuti ndi ziti zikuphwanyika. Kenako kambiranani mafunso awa. Ndi zakudya ziti mwa zimene tatchulazi zikupezeka pamsika wa kwanu mwezi uno, ndipo mapeyala akatha mudzalowetsapo chiyani? Mwa okalamba amene mumawayendera, ndi angati amene amatsokomola akamamwa madzi ndipo sanaonedwepo kuchipatala? Nanga ndalama imene gulu limasonkha yogulira shuga ndi zakumwa pokazonda odwala ingagule mazira angati ndi mtedza wochuluka bwanji?